Gawo 9: Loweruka limene mafuta sanakwane

Zikomo nonse amene munandilembera sabata yatha. Inu mudafunsa chifukwa chake mtengo pa sitolo yanga umangokhala tsiku limodzi, yankho lanu ndi ili.

Mukukumbukira mmene tinkachitira poyamba. Anthu a kwathu okhala kuno ku Joni ankasankha pa foni katundu woti abale awo akalandire kumudzi ku Malawi, n'kundilipira ma randi. Lolemba lililonse ndinkasintha ndalamazo kukhala makwacha n'kutumiza ku Airtel Money ya alamu anga aja a pa boma. Iwo ankadikira Loweruka kuti akapikule zonse pamodzi, chifukwa kugula mwa chipiku kumatsitsa mtengo ndipo galimoto timalipira kamodzi. Zaka ziwiri zinadutsa choncho popanda vuto.

Lolemba pa 6 Novembala 2023 ndinatumiza ndalama za mabanja 23. Lachinayi pa 9 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Ndikanakhala ndi ma randi m'manja, ndikanapindula. Koma ine ndinali nditasintha kale, makwacha ali phee mufoni ya alamu, akusungunuka ngati mchere wonyowa.

Loweruka m'mawa anandiimbira ali pakhomo pa golosale yomwe timapikulako.

"Alamu, mitengo asintha. Ndalama ya zigubu 23 za mafuta ikungokwana 16. Sopo ndi shuga sindinafunse n'komwe."

Ndinakhala pansi m'kachipinda kanga, osayankha. Iwo ankangoti halo, halo. Ndinkaona nkhope za anthu 23 aja, ena ogwira ntchito m'minda yamaluwa, ena otsuka magalimoto, amene anandikhulupirira ine m'malo motumiza katundu pabasi. Mmodzi mayi ake okalamba a ku Namwera anali atauzidwa kale kuti adikire pamsewu. Anakhaladi pamenepo mpaka dzuwa kupendeka, chifukwa ine ndinachita manyazi kuimba foni kunena kuti katundu sabwera lero. Chimenecho ndiye chimandipwetekabe, osati ndalama.

Ndinatenga ya lendi n'kuwonjezera. Lolemba aliyense analandira zake zokwana, palibe amene ndinamudula ngakhale sopo mmodzi. Achimwene amene munalengeza pagulu lathu kuti ndadya ndalama za anthu, chithunzi cha amayi anu atanyamula chigubu chawo ndikadali nacho. Kupepesa kwanu sindinakumve mpaka lero.

Kuyambira pamenepo kwacha sigonanso mufoni. Munthu akalipira, ma randi ndimasunga ndekha, alamu amayamba apita kukaona mtengo wa tsikulo, ndiye ndimasintha yokwanira katunduyo basi, n'kugula lomwelo. Zimatidyera ndalama ya kabaza chifukwa maulendo achuluka, ndipo phindu la chipiku linachepa. Ena mumadandaula kuti ndine wodula. Ndimavomera.

Za ku Makanjira, kumene thumba la mpunga linagona masiku atatu panjira nthawi ya dzinja, ndidzafotokoza gawo likubwerali.