Ntchentche ndi imene inandipulumutsa

Lolemba m'mawa ndinalandira kantchito kamene ndinkayesa kuti ndikamaliza nsima ya masana isanapse. Kanali kapepala ka zithunzi zinayi kochenjeza anthu za kolera, kochokera ku bungwe lina logwira ntchito kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Mawu ake a Chingerezi sankafika ndi 150 omwe. Ndatanthauzirapo malipoti a masamba 60 osatuluka thukuta, koma kapepala aka kandidyera sabata yonse, chifukwa wolemba wake anali munthu wa nthabwala.

Chithunzi choyamba chinali cha bambo amene watuluka m'chimbudzi n'kulunjika pa mbale ya nsima. Pansi pake panali mawu amene, nditawatembenuza liwu ndi liwu, ankati: "Inde, sopo musiyeni. Kolera amakonda alendo." Mu Chingerezi aliyense amamva msanga kuti wolembayo akunyogodola, akunena chimene sakufuna kuti muchite. Ine ndinaseka, ndipo poti ndinaseka ndinaganiza kuti Chichewa chakenso chiseketsa. Ndinalemba momwemo n'kupita pa chithunzi chachiwiri.

Lachiwiri ndinasindikiza tsambalo n'kupatsa mlonda wa pamalo pamene ndimachita lendi kachipinda kogwiriramo ntchito. Ndi bambo wachikulire wa kwa Jali, amawerenga bwino koma modekha, chala chili pa mzere. Anawerenga mokweza, mawu onse mofanana, ngati akuwerenga kalata ya kwa amfumu. Kenako anandiyang'ana.

"Ndiye akuti sopoyu alibe ntchito, achimwene?"

"Ayi bambo, akuseka munthu wosasambayo."

"Akuseka ndani? Ine ndawerenga kuti sopo musiyeni."

Sanalakwitse. Kunyogodola ife timakudziwa bwino. Mwana akaswa mbale mayi ake amati "wakhozatu," ndipo palibe mwana amene amayesa kuti wayamikiridwa. Koma chimene chimanyamula tanthauzo pamenepo ndi mawu a pakamwa, diso, ndi zidutswa za mbale zimene zili pansipo. Papepala zonsezo kulibe. Ndipo mapepala otere nthawi zambiri sawerengedwa ndi munthu ali yekha. Mmodzi amawerengera gulu, pa msonkhano kapena pa doko, ndipo akawerenga ngati mlonda uja, anthu makumi atatu amva bungwe la zaumoyo likuwauza kuti asiye sopo.

Panali vuto linanso limene mlondayo anandionetsa nditamufotokozera nthabwalayo. Sanaseke. Anati, "Chipongwe chimenecho. Iwowo amadziwa mtengo wa sopo?" Apa m'pamene ndinaima. Kwathu kuno si aliyense amene ali ndi chilolezo chokunyogodola. Msuweni wako akhoza kukunena za mutu wako pagulu n'kuthera m'kuseka, adzukulu amachita nthabwala ngakhale pamaliro, koma mlendo wa galimoto amene sakudziwa n'komwe dzina lako akayankhula chimodzimodzi, wakunyoza. Mawu a pa kapepala kaja analibe mwini. Ankangotsika kuchokera kumwamba, ndiye owerenga ankawaika m'kamwa mwa bungwe.

Ndikanatha kufufuta nthabwala yonse n'kulemba kuti "Sambani m'manja ndi sopo mukachoka kuchimbudzi." Anzanga ambiri amatero, ndipo palibe amene angawaimbe mlandu. Koma chiganizo chimenecho chili kale pa khoma la chipatala chilichonse, makamaka chichokereni mliri umene unayambira ku Machinga mu Marichi 2022, moti maso amangochidutsa ngati mtengo wa m'mbali mwa msewu. Wolemba uja anaika nthabwala kuti munthu aime, achite kamanyazi pang'ono, akumbukire. Ntchito imeneyo ndi imene ndinkayenera kupulumutsa, ngakhale mawu ake afe.

Yankho linali m'chithunzi momwemo. Wojambula anaika kantchentche pamphepete pa mbale, kongokometsera. Lachitatu ndinakapatsa pakamwa: "Zikomo achimwene posasamba m'manja. Lero tidyera limodzi, mawa ndikuperekezani kuchipatala." Kunyogodola kulipobe, mwina kwaposa pa Chingerezi paja, koma tsopano wolankhula ndi mdani. Ntchentche ikakuthokoza, sufunika kumva kamvekedwe ka mawu kuti udziwe kuti zinthu zalakwika. Nyama zolankhula tinakula nazo m'nthano, ndipo palibe amene amakwiyira ntchentche kuti yamuchita mwano. Mlonda uja anawerenga mwa kawerengedwe kake komwe kaja, atafika pa "ndikuperekezani" anagwira pakamwa.

Chithunzi chachitatu chinali ndi nthabwala ya mtundu wina, yosewera ndi liwu. Mu Chingerezi liwu lotanthauza kuthamanga amaligwiritsanso ntchito pa madzi oyenda ndiponso pa m'mimba mwa munthu wodwala, ndiye wolembayo anati asiyeni madzi athamange, osati mimba yanu. Kwa ife madzi sathamanga choncho. Koma tili ndi liwu lathu la nkhope ziwiri: timatsegula chitseko, timatsegulanso m'mimba. Ndinalemba msanga kuti "Tsegulani mpopi, osati m'mimba," n'kudzimva kuti ndine katswiri.

Lachinayi ndinaimbira mlangizi wina wa zaumoyo amene amagwira ntchito cha ku doko la Kachulu pa nyanja ya Chilwa, n'kumuwerengera. Anaseka, kenako anandifunsa kuti mpopi wake uti. Asodzi ambiri kumeneko amagona pamadzi penipeni m'zimbowera, tizisakasa toyandama, ndipo kumtunda amalimbikitsa mpondagiya, kachigubu kopendeketsa ndi phazi kaja, kamene sutsegula, umaponda. Uthenga wa chithunzicho unali woti anthu asiye kusamba m'beseni limodzi, azithirirana madzi. Nthabwala yanga inali yokoma koma inkanena za chinthu chimene owerenga alibe, ndipo beseni, limene ndi mwini nkhani, linali litasowamo.

Choncho chithunzi chachitatu ndinachisiya chopanda nthabwala: "Thiriranani madzi posamba m'manja, musapise nonse m'beseni limodzi." Sewero la liwu lija ndinalisamutsira pa chithunzi chachinayi, chonena za chivundikiro cha pa dzenje la chimbudzi, pamene Chingerezi chinalibe choseketsa chilichonse: "Tsekani pachimbudzi, m'mimba musatsegule." Kutseka ndi kutsegula zinapezana zokha, ndipo uthenga sunapindike. Nthabwala zinali ziwiri, zatsala ziwiri, kungoti imodzi yasintha nyumba.

Chovuta chinatsala ndi eni ntchito. Iwo amapereka Chichewa changa kwa munthu wina kuti achibwezere m'Chingerezi, kenako amafananitsa ndi choyambirira. Njira imeneyi imagwira bwino zolakwika monga nambala ya mapilitsi, koma nthabwala imaipha, chifukwa chilichonse chimene wachita bwino chimaoneka ngati wasochera. Lachisanu m'mawa kunabwera uthenga wochokera kwa mayi woyang'anira ntchitoyo, wofunsa kuti ntchentche yolankhulayi yachokera kuti, nanga madzi othamanga aja apita kuti. Ndinawalembera mizere itatuitatu pa chithunzi chilichonse: zimene Chingerezi chinkafuna kuchita, zimene mlonda ndi mlangizi anamva, ndi zimene ndaika m'malo mwake. Ndinayenera kutumiza zimenezi pamodzi ndi ntchitoyo poyamba pomwe, ndinachita ulesi.

Anavomera zonse kupatula kutalika. Mawu a ntchentche sankakwana m'kabaluni kamene wojambula akanatha kuika pamwamba pa mbale popanda kuphimba nkhope ya bambo uja. Anandipempha kuti ndidule theka. Ndinayesa kuchotsa chiganizo chachiwiri, koma n'chimene chinaseketsa mlonda. Ndinachotsa "Lero tidyera limodzi," n'kusiya "Zikomo achimwene posasamba m'manja, mawa ndikuperekezani kuchipatala." Ndinatsika nalo tsambalo kukamuwerengetsanso, koma ndinapeza atapita kumzikiti ku Jumu'a, ndiye ndinalisiya pampando wake n'kulitsindira ndi mwala.