Chithunzi cha paketi ya mabisiketi

Usiku wathawu cha m'ma 9 koloko mlamu wanga wanditumizira chithunzi cha paketi ya mabisiketi omwe anagula ku Tsangano, zolemba zake zonse m'Chipwitikizi. "Alamu, tandiwerengereni, muli mtedza umu? Mwana akulirira." Mwanayo ndi uja thupi lake limadana ndi mtedza, akangolawa milomo imatupa, n'kuyamba kubanika.

Ndinachikuza chithunzicho n'kuwerenga liwu ndi liwu: ufa wa tirigu, shuga, mchere, mkaka wa ufa. Liwu lomwe ndinkasaka, "amendoim", lomwe ndi mtedza, silinaoneke. Koma mtima sunakhale m'malo. Panalembedwa "óleo vegetal", mafuta ochokera ku zomera, osatchula kuti chomera chake n'chiti. Komanso paketiyo inali itapindika m'munsi, kuwala kwa foni kutaphimba mzere womaliza. Ndinangoona "pode conter", kutanthauza kuti "mwina muli", kwinako mbuu! Pamenepo m'pamene opanga amachenjeza ngati makina awo amapangiranso zakudya za mtedza. Ndinati, "Alamu, musampatse kaye. Tambasulani paketiyo, muzimitse kuwala kwa foni, mujambulenso mbali zonse." Chithunzi chachiwiri chitabwera, mzere uja unati "pode conter vestígios de amendoim". Mwina muli timtedza tochepa.

Mpaka pano thupi likundizizira, chifukwa ndinatsala pang'ono kuyankha kuti "mulibe". Ine ndingamasulire zokhazo zomwe diso langa laona pachithunzi, zam'fakitale sindingazilumbirire. Ngakhale mzere uja ukanapanda kutchula mtedza, ndikanangoti "sunalembedwe", osati "mulibe". Mwanayo anagona atadya nthochi, akunyinyirika.