Lachiwiri: chubu chobiriwira cha achemwali

Lero masana kunabwera achemwali anga ndi mwana wawo wa zaka 4. Podziwa kuti ntchito yanga ndi ya mano, anatulutsa m'chikwama chubu cha mankhwala otsukira mano, chobiriwira, chojambulidwa masamba a nimu. Akuti anasiya a fulorayidi chaka chatha atamva kuti ndi poizoni.

"Ndiye tamuonani, achimwene, mano akewo ali mbee," anatero monyadira.

Ndinamukhazika mwanayo pamiyendo n'kukweza mlomo wake wam'mwamba. Nkhama zinali bwino ndithu, zosatupa, zosatuluka magazi. Koma nditapukuta malovu ndi kansalu, pa mano awiri akutsogolo panaoneka kamzere koyera ngati choko, kosanyezimira, kotsata m'mphepete mwa nkhama. Kuyera kumeneko si ukhondo ayi. Ndi pamene kuwola kumayambira, dzino lisanabooke.

Zimachitika motere. Tizilombo tokhala mu litsiro loyanga pamano timasandutsa shuga kukhala asidi, ndipo muyezo wa asidi wotchedwa pH, womwe umatsika asidi akamachuluka, ukafika pa pafupifupi 5.5, chikutu cholimba cha dzino chimayamba kutaya kashiamu ndi fosifeti. Pakapita nthawi malovu amabwezeretsa zotayikazo, koma mwana akamadya zotsekemera pafupipafupi, malovu amalephera kubweza zonse. Fulorayidi akakhalapo m'malovumo, kubwezeretsako kumafulumira, ndipo pomwe pakonzedwapo pamalimba kuposa kale, moti sipasungunuka mpaka pH itatsika kufika cha pa 4.5. Nimu ndi alovera sizigwira ntchito imeneyi.

Sindinawanyoze mankhwala azitsambawo. Pa nkhani yochepetsa litsiro ndi kutupa kwa nkhama, ambiri amachita bwino mofanana ndi ena onse, ngakhale kuti mbali yaikulu ya ntchitoyo amagwira ndi mswachi. Koma vuto lalikulu la ana aang'ono si nkhama, ndi kubooka kwa mano, ndipo pamenepa umboni uli mbali imodzi. Bungwe la Cochrane litaunika kafukufuku wambiri wa ana mu 2003, linapeza kuti mankhwala a fulorayidi amachepetsa kuwola kwa mano okhalitsa ndi pafupifupi 24 peresenti poyerekeza ndi opanda fulorayidi. Mu 2021 bungwe la WHO linawaika pamndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri.

Kenako tinatembenuza chubucho kuti tiwerenge tizilembo takumbuyo, chifukwa mankhwala ena azitsamba amakhala ndi fulorayidi yemweyo, ndipo oterowo ndilibe nawo mlandu. Chofunika kupeza ndi nambala yotsatidwa ndi "ppm", yosonyeza kuchuluka kwa fulorayidi, ndipo isachepere 1000. Ngati alemba maperesenti, "Sodium Fluoride 0.22%" kapena "Sodium Monofluorophosphate 0.76%" ndi 1000 ppm, pamene "Sodium Fluoride 0.32%" ndi 1450 ppm. Pa chubu cha achemwali panalembedwa "Fluoride Free" ndi zilembo zikuluzikulu. Ndinawachenjezanso za timachubu tina ta ana tokhala ndi 500 ppm, tomwe chitetezo chake sichinatsimikizike bwino.

"Nanga akameza? Ameneyutu amanyambita ngati switi."

Mantha awo ali ndi pogwira. Mwana akamameza fulorayidi wochuluka kwa nthawi yaitali mano okhalitsa akupangika m'nsagwada, makamaka asanafike zaka 6, manowo amatha kumera ndi timawanga toyera. Timawanga timeneto timaoneka mofanana kumanzere ndi kumanja, pankhope ya dzino kapena chakunsonga, osati kutsata nkhama ngati kamzere ndinaona lero. Njira yopewera ndi muyezo, osati kusiyiratu. Wosafika zaka 3 mumangopaka pang'ono kukula ngati kambewu ka mpunga, wa zaka 3 mpaka 6 kukula ngati nsawawa imodzi. Wofinya chubu akhale munthu wamkulu, ndipo akatha achiike posafikira mwana.

Madzulo ndinamutsuka mwanayo ndekha, mayi ake akuonerera. Ndinaima kumbuyo kwake, mutu wake utatsamira pa ine, n'kumazunguza mswachi pang'onopang'ono pomwe dzino lakumana ndi nkhama, kwa mphindi ziwiri. Atalavula, achemwali anathamangira kapu ya madzi, ine n'kuwagwira mkono. Kuchukucha kumakokolola fulorayidi asanagwire ntchito. Alavule basi, ndipo usiku akatsuka asadyenso kapena kumwa chotsekemera, popeza munthu akagona malovu amachepa.

Tagwirizana kuti azitsuka kawiri pa tsiku ndi mankhwala a 1000 ppm, achepetse zotsekemera za pakati pa chakudya, ndipo abwere naye kuchipatala timupake vanishi ya fulorayidi pa mano awiriwo. Pakatha miyezi itatu ndidzaonanso. Kamzereko kakadzakhala kosalala ndi konyezimira, ndiye kuti kuwola kwaima, ngakhale kuyerako kutatsala. Kakadzakhala kokhakhala kapena pakadzakumbika, mankhwala otsukira okha sadzakwanira, padzafunika kumata.