Kuwerenga 40 peresenti ya Zimbabwe bwinobwino

Lonjezo lomwe Zimbabwe idapereka mu 2021 pansi pa pangano la zanyengo la ku Paris limati dziko lino lidzachepetsa mpweya wotenthetsa dziko ndi 40 peresenti pofika 2030. Ophunzira ambiri amalemba nambalayo n'kupitirira. Koma nambalayo ili ndi zingwe zitatu: ikuyerekezedwa ndi mmene mpweya ukanachulukira popanda kuchitapo kanthu, ikuwerengedwa pa munthu mmodzi, ndipo idzatheka pokhapokha thandizo lochokera kunja litabwera. Zingwe zonsezi zikuchokera pa mfundo imodzi ya m'pangano la mayiko la 1992 lokhudza kusintha kwa nyengo, yoti udindo ndi wa tonse koma katundu sangafanane, aliyense asenze molingana ndi zomwe adawononga komanso mphamvu zake.

Mfundoyi ili pa ndime 3 ya pangano lomwe lidasainidwa ku Rio de Janeiro. Ili ngati mlandu wa ng'ombe zomwe zadya m'munda: mpanda timanga tonse, koma yemwe ng'ombe zake zakhala zikudyamo chiyambire kale sangalipire mofanana ndi wa kambuzi kamodzi. Ku Kyoto mu 1997 adaitsata mwamphamvu. Mayiko olemera okha ndiwo adapatsidwa malire, kuti onse pamodzi atsitse mpweya ndi 5 peresenti kuyerekeza ndi 1990, pakati pa 2008 ndi 2012. Amerika idakana kuvomereza, Kanada idatulukamo, ndipo China, yomwe inalibe malire, idapitirira Amerika pa kutulutsa mpweya. Ku Paris mu 2015 adasintha njira: dziko lililonse lilembe lokha lonjezo lake, lija amalifupikitsa kuti NDC, lizilikonzanso zaka zisanu zilizonse, ndipo latsopano lisachepere lakale.

Kusiyana sikudathe, kudangosamukira m'mapangidwe a malonjezo. Ndime 4 ya pangano la ku Paris imati mayiko olemera apitirize kutsogolera ndi malire enieni okhudza chuma chonse. N'chifukwa chake bungwe la mayiko a ku Ulaya lidalonjeza 55 peresenti pansi pa mpweya wa 1990. Chaka cha 1990 chidapita, mpweya wake udawerengedwa kale, palibe angachisunthe. Mayiko omwe akutukuka kumene amangolimbikitsidwa kufika pamenepo pang'onopang'ono, ndiye Zimbabwe idasankha kuyezera pa chaka chomwe sichinafike.

Masamu ake ali motere. Mu 2017 dziko lino lidatulutsa matani pafupifupi 36 miliyoni. Akatswiri adayerekeza kuti zinthu zikamangoyenda mmene zikuyendera, anthu akuchuluka, migodi ndi mafakitale zikukula, pofika 2030 matani adzakhala pafupifupi 75 miliyoni. Ntchito zonse zolonjezedwa zikachitika, atsika kufika pafupifupi 45 miliyoni. Kuchoka pa 75 kufika pa 45 ndi 40 peresenti ndithu. Koma 45 ndi wamkulu kuposa 36. Choncho lonjezoli likakwaniritsidwa lonse, mpweya wa Zimbabwe udzakhala utakwera ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, osati kutsika. Apa palibe chinyengo. Ndi zomwe mfundo ija imalola: dziko losauka likule, koma likule motulutsa utsi wochepa kuposa mmene likanachitira.

Aliyense wokhala ku Mufakose kapena ku Mabvuku mumzinda wa Harare akudziwa chifukwa chake. Kumapeto kwa 2022 madzi atatsika m'damu lopangira magetsi la Kariba, magetsi ankabwera cha m'ma 10 koloko usiku n'kuzima kusanache. Amayi ankasita zovala pakati pa usiku, ndipo mitolo ya nkhuni idadzaza m'mphepete mwa misewu. Zomwe zidapepuza vutolo mu 2023 ndi makina awiri atsopano opangira magetsi ndi malasha ku Hwange, a mamegawati 600. Kuuza munthu ameneyu kuti atsitse mpweya wake pansi pa mulingo wa 1990 n'kumuuza kuti akhalebe mumdima.

Komabe mzere woyerekeza mpweya wa 2030 popanda kuchitapo kanthu ndi pomwe pamabisala mavuto. Dziko likhoza kulosera kuti chuma chikula kwambiri, mzere n'kukwera, kenako n'kudzitama kuti ladula zambiri pomwe ladula mpweya womwe sukanatuluka n'komwe. Chuma chikangofooka, lonjezo limaoneka ngati likukwaniritsidwa popanda ntchito iliyonse. Poyesa lonjezo lotere, yang'anani kukula kwa chuma komwe adagwiritsa ntchito polosera, muyerekeze ndi mmene chumacho chakuliradi. Yang'ananinso magawo omwe aphatikizidwa. Lonjezo loyamba la Zimbabwe la 2015 linali la 33 peresenti, koma linkakhudza za mphamvu zokha. La 2021 lidaonjeza mafakitale, zinyalala, ulimi ndi nkhalango. Kwa ine kukula kwenikweni kuli apa, osati pa kuchoka pa 33 kufika pa 40, chifukwa moto wolusa wa m'chilimwe, mitengo yowotchera fodya ndi mpweya wochokera m'dzala lalikulu ngati la ku Pomona ku Harare tsopano zili m'kaundula. Vuto lake n'lakuti kuwerenga mpweya wa nkhalango n'kovuta kuposa kuwerenga malasha, omwe amayezedwa pa sikelo asanalowe m'ng'anjo.

Za kuwerengera pa munthu mmodzi sindichulutsa gaga. Cholinga ndi matani pafupifupi 2.3 pa munthu, ndipo kalembera akapeza anthu ochepa kuposa omwe adaloseredwa, gawo la munthu aliyense limakwera ngakhale utsi usanasinthe.

Chingwe chachitatu ndicho cholemera. Lonjezo lonse la 2021 lidamangidwa pa thandizo, ndipo ntchito zake zidawerengedwa kuti zidya madola a ku Amerika pafupifupi 4.8 biliyoni. Maziko ake ndi ndime 4.7 ya pangano la 1992, yomwe imati mayiko osauka adzachita molingana ndi mmene olemera aperekera ndalama ndi luso, komanso ndime 9 ya ku Paris. Kwathu ku Malawi adagawa pawiri: 51 peresenti pofika 2040, pomwe 6 dziko lidzachita ndi thumba lake ndipo 45 ikudikira thandizo. Kugawa kotere kumathandiza poweruza, chifukwa pa 6 ija palibe woloza chala. Pomwe zonse zadalira thandizo, 2030 ikafika zinthu zisanachitike, boma lidzati ndalama sizinabwere, opereka adzati mapulani abwino sanaoneke, ndipo pangano la ku Paris lilibe chilango kwa onse awiri. Limakakamiza kulemba lonjezo ndi kupereka malipoti, osati kufika pa nambalayo.

Ndalamazo nazo zili ndi mbiri yake. Madola 100 biliyoni pachaka omwe adalonjezedwa ku Copenhagen mu 2009 amayenera kukwana pofika 2020, koma adakwana mu 2022, ndipo gawo lalikulu linali ngongole. Ku Baku mu 2024 adagwirizana za 300 biliyoni pachaka pofika 2035. Zimbabwe ili pa malo ovuta: siili m'gulu la mayiko osaukitsitsa momwe muli Malawi ndi Zambia, kotero thumba lapadera la gululo sililifikira, komanso ili ndi ngongole zakale zosabweza ku mabanki akuluakulu a chitukuko, zomwe zimatseka khomo la ngongole zofewa. Ndiye pa 4.8 biliyoni ija, njira zomwe zatsala ndi mphatso za matumba a zanyengo, amalonda oika ndalama zawo m'magetsi a dzuwa, ndi kugulitsa mpweya wopulumutsidwa pansi pa ndime 6 ya ku Paris. Njira yomalizayi ili ndi msampha wake: tani iliyonse yomwe Zimbabwe yavomereza kugulitsa kwa dziko lina imachotsedwa m'buku lake, siingawerengedwenso pa 40 peresenti ija.