Pa gulu lathu amayamba kufotokoza ndi amene wasokera

Macheza pa gulu lowerengera limodzi amayamba anthu akakumana opanda kanthu m'manja, wina n'kufunsa kuti, "Lero tiwerenga chiyani?" Mukamagwirizana mutu, theka la ola latha, ndipo nkhani ya momwe Moyale yasewerera dzulo yalowa kale. N'chifukwa chake gulu lathu la Fomu 4 silikhala pansi popanda ntchito yolembedwa kale kunyumba.

Tilipo asanu, ochokera ku Chibavi, Katoto ndi Mchengautuwa mumzinda wa Mzuzu. Ndikuona kuti asanu akwana. Mukachuluka, awiri amayamba zawo kumapeto kwa benchi ndipo palibe amene amazindikira. Timakumana Loweruka masana kwa ola limodzi ndi theka, ndipo tisanabalalike, amene adzatsogolere sabata yamawa amasankha mafunso atatu m'mapepala akale a MANEB. Aliyense amakawayankha yekha m'kope. Utsogoleriwo umayenda mozungulira, ndipo wotsogolera si mphunzitsi ayi. Ntchito yake ndi kusunga nthawi, mphindi 25 pa funso lililonse, ndi kuloza woyankhula. Mafoni onse amakhala m'chikwama chimodzi.

Lamulo limene ndimaliikira kumtima ndi lakuti tikayala makope pa tebulo, woyamba kufotokoza ndi amene yankho lake lasiyana ndi la ena, kapena amene wathera panjira. Wodziwa amayankhula pomaliza. Akayamba wodziwa, enafe timangogwedeza mitu n'kukopera, ndipo mutu ukakhala wopanda ntchito pakamwa pamayabwa.

Taonani funso ili la masamu: `x² − 5x = 6`. Mnzathu wina anabwera ndi mayankho awiri, 6 ndi 11. Iye analemba `x(x − 5) = 6`, kenako anati `x = 6` kapena `x − 5 = 6`. Palibe amene anamuuza kuti walakwa. Wotsogolera anangoti, "Aise, tabwezera 11 m'funsomo tione." Anapeza kuti 121 kuchotsa 55 ndi 66, osati 6. Koma atabwezera 6, zinatheka bwinobwino, ndipo apa mpamene mtsutso weniweni unabuka: njira yolakwika ingabereke bwanji yankho lolondola?

Wachiwiri, mtsikana amene nthawi zambiri sakonda kuyankhula pagulu, ndiye anamasula mfundoyo. Anati manambala awiri ukawachulukitsa n'kupeza ziro, ndiye kuti imodzi mwa iwo ndi ziro basi. Koma akakupatsa 6, akhoza kukhala 2 ndi 3, kapena theka ndi 12, kapena ena ambirimbiri, choncho sungaloze nambala imodzi n'kunena kuti ndi 6. Pa funso ili 6 uja anangokomana ndi mwayi, chifukwa 6 kuchulukitsa ndi 1 ndi 6 yemweyo. Wachitatu anasamutsa zonse kumanzere, `x² − 5x − 6 = 0`, koma analemba `(x − 2)(x − 3)`. Wachinayi anamuuza kuti atsegule mabulaketi, ndipo kumapeto kunatuluka `+6` m'malo mwa `−6`. Wodziwa uja atapatsidwa mpata, chotsala chinali kungolemba `(x − 6)(x + 1) = 0`, mayankho 6 ndi −1, ndi kutsimikiza pobwezera −1 kuti 1 kuphatikiza 5 ndi 6. Funso limodzi laling'ono linayankhulitsa anthu onse asanu, ndipo tinagwira zolakwika ziwiri zimene zimadya malikisi pa mayeso a MSCE.

Njirayi ili ndi malire ake. Imafuna anthu osasekana, chifukwa amene wasekedwa kamodzi sabata yotsatira amabisa kope lake kapena kukopera panjira. Kukopera kumadziwika msanga: munthu ali ndi yankho lolondola, koma ukamufunsa chifukwa chimene mzere wachiwiri watsatira woyamba amangoti kukamwa yasa. Komanso nthawi zina tonse asanu timagwirizana pa chinthu cholakwika. Ndiye ngati funso silingatsimikizidwe pobwezera yankho, monga mafunso ambiri a bayoloje, timaliyerekeza ndi zimene zili m'buku, ndipo likatikanika mphindi 25 zitatha timalilemba kuchikuto kwa kope kuti wotsogolera akafunse aphunzitsi Lolemba. Kukakamira funso lotero nthawi itatha ndi khomo linanso la macheza.

Kuno ku Mzuzu timakambirana m'Chichewa chosakaniza ndi Chitumbuka, ndipo zimamveka bwino kwambiri motero. Koma mayeso a masamu ndi sayansi amabwera m'Chingerezi, choncho mphindi 15 zomaliza timatseka makope, aliyense n'kulembanso yekha yankho la funso limene linamuvuta, m'Chingerezi, mwakachetechete. Mnzake wa kudzanja lamanja amachonga. Amene wabwera osalemba ntchito ya kunyumba sitimubweza, koma ndi iye amene amayamba kuyankha funso loyamba pamaso pa tonse.