Katswiri wa ku Rosettenville

Pakamwa ndi pamene panandipachika. Ndinkangodzitama pa mowa kuti makompyuta ndimawadziwa, osadziwa kuti alamu anga akusunga mawuwo. Loweruka m'mawa ndinangoona atulukira kuchipinda kwanga ku Rosettenville, ku Joni, laputopu kukhwapa, mwana wawo wamkazi ali pambuyo.

"Alamu, magetsi anathima ili mkati mokonza Windows, batire ndi lakufa kale. Maina onse a chipereganyu ali momwemu."

Nditayatsa, inangolemba kuti `No bootable device found`. Thukuta kamukamu, chikhalirecho kunali kozizira.

Ndinayamba ndi chomwe ndinkachidziwadi: kuyatsanso n'kumadina F2 kuti ndilowe mu BIOS, momwe kompyuta imaonetsa zida zake zamkati. Disiki inkaoneka, dzina lake ndi kukula kwake. Mtima unatsikako, chifukwa ikapanda kuoneka pamenepo ndiye kuti yafa kapena yasunthika, ndipo kulemba malamulo n'kutaya nthawi. Apa katundu anali m'nyumba, chinasokonekera ndi timafayilo tolozera kompyuta pamene pali Windows. Timakhala m'kagawo kakang'ono ka FAT32, ka 100 MB kapena kuposerapo pang'ono.

Tinabwereka fulashi yoikira Windows kwa mnyamata wina wa ku Mangochi, ndinayatsira pa iyo, n'kudina Shift+F10. Pawindo lakudalo ndinalemba:

```
diskpart
list vol
select vol 2
assign letter=S
exit
bcdboot C:\Windows /s S: /f UEFI
```

Nambala 2 ija inali ya kagawo ka FAT32 pa makina amenewo, kwina imasintha. Yankho linabwera: `Failure when attempting to copy boot files`. Ndinalembanso, ulendo uno modinikiza mabatani mwamphamvu, ngati kompyuta ndi yogontha. Kasanu konse. Alamu anayamba kuwerenga pa zala anthu amene adzawadula khosi.

Kamwana kaja, ka zaka 12, kanasuzumira. "Amalume, pamndandanda paja chigawo chachikulu chinali D, osati C."

Ndinatsokomola. Zoonadi, ukayatsira pa fulashi zilembo za magawo zimatha kusinthana. Ndinalemba `dir D:\Windows`, mafayilo mbwee! Nditaika D m'malo mwa C, inayankha kuti `Boot files successfully created`. Ndinauza alamu kuti ndimangomuyesa mwanayo.

Ndinayatsanso monyadira, manja m'chiuno. Inabweretsa `Install now`. Alamu anasangalala, chala chili kale paulendo. Ndinawagwira mkono ngati ndagwira wakuba mu tekisi, poti kupitirira pamenepo mosasamala ukhoza kufufuta chipereganyu chonse.

"Fulashi, amalume," anatero mwana uja, osakweza n'komwe mutu. "Simunazule."

Ndinazula. Windows inatseguka, maina onse ali bwinobwino. Alamu anatulutsa 50 randi, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kuipereka kwa mwana.