Mmene ndinasungira ndalama za miyezi 6 ntchito isanathe

Ntchito yanga inatha kumapeto kwa Okutobala 2025, ndipo mpaka lero sindinagogodepo pakhomo la wakatapila. Ndikulemba izi mtima uli m'malo, kupatula ndikakumbukira ofesi ina yobwereketsa ndalama imene inandizunza, koma ndifikako.

Boma la Amereka litaimitsa thandizo lake mu Januwale 2025, ife ogwira ntchito m'mabungwe tinadziwiratu kuti zinthu sizili bwino. Mabwana anatiuza poyera kuti ndalama zilipo zofika chakumapeto kwa chaka, kupitirira apo sakulonjeza. Usiku womwewo ine ndi mayi a kunyumba tinakhala pansi ndi kope. Funso linali limodzi: malipiro atasiya kubwera lero, tikhala miyezi ingati tisanayambe kupempha?

Kuwerenga kwake n'kosavuta. Mumatenga ndalama zimene muli nazo, n'kugawa ndi zimene banja limadya pamwezi. Chovuta n'kupeza manambala awiriwo moona. Ine ndinkalandira K850,000 msonkho utachotsedwa. Titatsata mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba ndi chikalata cha ku banki cha miyezi itatu, tinapeza kuti timadya K800,000. Mmenemo tinaikamo ndi zimene sizibwera mwezi uliwonse, chifukwa ndi zimenezo zimagwetsa anthu. Fizi ya mwana inali K360,000 pa teremu, ndiye pachaka K1,080,000, kugawa ndi 12 ikukhala K90,000 mwezi uliwonse, kaya sukulu yatsegula kaya ayi. Feteleza wa amayi kumudzi chimodzimodzi. Zamaliro ndi zamaukwati nazonso tinazipatsa mzere wake, pakuti sizipempha chilolezo zikamabwera.

Za kumbali ya zosunga, tinali ndi K1,600,000 ku banki ndi K500,000 ku banki mkhonde ya mayi a kunyumba. Ya banki mkhondeyo sitinaiwerengere. Amagawana mu Disembala, ndipo mukaifuna pakati pa chaka mumachita kubwereka ndalama yanu yomwe pa chiwongoladzanja. Ndalama imene simungaitenge sabata yomweyo musaiwerengere. Ndiye K1,600,000 kugawa ndi K800,000, yankho linali miyezi iwiri basi. Zaka 7 ndikugwira ntchito, miyezi iwiri. Usiku umenewo tulo sitinatione.

Chimene chinatilimbitsa mtima n'chakuti kudula zowononga kumathandiza pawiri. K100,000 imene mwadula imalowa m'thumba mwezi uliwonse mukadali pantchito, komanso ntchito ikatha mwezi uliwonse umakhala wotsika mtengo ndi K100,000 yomweyo. N'chifukwa chake tinayamba ndi zazikulu, osati kulimbana ndi shuga wa mu tiyi.

Chachikulu chinali lendi. Tinkalipira K280,000 ku Area 25, tinapeza nyumba ya zipinda ziwiri ku Chinsapo ya K170,000. Eni nyumba anafuna miyezi itatu pasadakhale, monga mwa masiku onse, koma imeneyo si ndalama yotayika, ndi lendi yanu yomwe mwangoilipiriratu. Yotayika inali ya lole ndi yopaka penti nyumba yakaleyo, pamodzi K80,000, imene inabwerera mwezi umodzi usanathe. Samukani mukadali ndi ntchito, abale. Eni nyumba amafunsa kumene mumagwira, ndipo munthu wopanda yankho samupatsa makiyi msanga. Kenako ndinasiya kabaza wa njinga yamoto ndi chakudya chogula masana, n'kuyamba minibasi ndi kontena ya nsima yochokera kunyumba, K60,000 inapulumuka. Tchanelo cha kanema cholipira ndi mabandulo osawerengera, K30,000. Zonse pamodzi K200,000, ndipo mwezi wathu unatsika kufika pa K600,000.

Sukulu ya mwana sitinaikhudze pakati pa chaka. Ndalama ya amayi kumudzi sitinaidule, koma ndinapita kukawauza pamaso, iwo ndi achimwene anga, kuti ntchito ikugwedezeka ndipo zapadera zonse ziime. Kuyankhula kumeneko kunandipulumutsa ku mafoni ambiri pambuyo pake.

Tsopano ngongole. Ndinali ndi ngongole ya kampani ina yobwereketsa ndalama, yodulidwa pa malipiro, K120,000 pamwezi. Poyamba sindinathamangire kuitseka, ndipo chifukwa chake ndi masamu omwe aja. Ndikanatenga ndalama ya ku banki n'kukalipira ngongole yonse nthawi imodzi, mwezi wanga ukanatsika ndithu, koma m'thumba mukanatsala zochepa kwambiri, miyezi n'kuchepa m'malo mochuluka. Chimene chinandipangitsa kuti ndiitsekebe ndi mawu ena mu pangano lija, akuti ntchito ikatha ngongole yonse yotsala idzachotsedwa pa ndalama zanga zomaliza. Pitani mukawerenge pepala lanu, mwina mawu amenewo alimo. Ndiye tinagwirizana kuti K1,600,000 ija isakhudzidwe, ngongole ilipidwe ndi ndalama zimene tikupulumutsa. Kuyambira Malichi mpaka Juni tinkasunga K250,000 pamwezi, inakwana K1,000,000.

Kumapeto kwa Juni ndinapita ku ofesi yawo. Kunatsala miyezi 6 yolipira, ndiye mtsikana wa pa kauntala anangochulukitsa pa foni yake n'kunena kuti, "Bambo, mupereke K720,000." Ndinati, "Achemwali, mmenemo muli chiwongoladzanja cha miyezi imene sinafike. Ndikubweza lero, ndilipiriranji chiwongoladzanja cha Disembala?" Anati makina ndi amene akunena. Ndinapempha kalata yosonyeza ndalama yeniyeni yotsekera ngongole. Akuti amasaina ndi bwana yekha, ndipo bwana ali ku msonkhano. Ndinakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, tsiku la tchuthi changa limene ndikanalandira ndalama yake pomaliza ntchito, n'kungouzidwa kuti netiweki yathawa, ndibwere mawa. Anthu amenewa pobwereketsa anachita kundilondola ku ofesi ndi mafomu m'manja, ndalama inalowa tsiku lomwelo. Koma kuti muwabwezere msanga, mumakhala ngati mwawalakwira.

Kalata itatuluka inati K590,000. Taonani kusiyana kwake, K130,000 imene ndikanangoitaya ndikanamvera za pa kauntala. Pamwamba pake anaikapo K30,000 ya chindapusa chobweza msanga. Chindapusa chifukwa chobweza ngongole! Chinalembedwadi mu pangano, m'timalemba tating'ono, ndiye ndinalipira, koma mpaka lero chimandiwawa.

Ndipo sizinathere pomwepo. Malipiro a Julayi atabwera, K120,000 inali itadulidwanso. Iwo sanatumize kalata ku ofesi yathu ya malipiro yoti asiye kudula. Ndinabwererako ndi risiti, anandiuza kuti zobweza zimadutsa ku likulu, ndidikire. Ndalamayo inabwera patapita masabata, nditatopa ndi kuyimba foni imene sinkayankhidwa. Ndiye mverani ine: tsiku limene mwatseka ngongole musachoke opanda kalata yodindidwa yonena kuti mulibenso ngongole, ndipo muinyamule nokha kupita nayo kwa akauntanti wa kuntchito kwanu tsiku lokonza malipiro lisanafike. Musadalire kuti atumiza. Muinyamule nokha, ndipo musunge fotokope.

Ndaiwala za chimanga, chinali cha mu Meyi chimenecho. Tinagula matumba okwanira kufika nthawi yokolola ina, mitengo ikadali pansi, n'kuthira mankhwala a anankafumbwe. Aliyense amadziwa mmene thumba limakwerera ikafika Januwale ndi Febuluwale. Komanso tonse tikukumbuka Novembala 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndalama ya m'banki n'kungosungunuka ili chikhalire. Chimanga cha m'nyumba sichigwa ndi kwacha. Pa chifukwa chomwecho kuwerenga kuja tinkakubwereza mwezi uliwonse ndi mitengo ya mwezi umenewo. Ndalama imene inali ya miyezi inayi mu Epulo siikhala ya miyezi inayi mu Seputembala ngati mafuta ophikira ndi minibasi zakwera.

Ngongole itachoka mwezi wathu unafika pa K480,000, ndipo tinayamba kusunga K370,000. Ndinkaisamutsa tsiku lolandira lomwelo kupita ku akaunti ina yopanda khadi komanso yosalumikizidwa ku foni, yoti kutapa mpaka upite wekha ku banki. Anzanga ena anandiuza kuti ndiitsekere ku akaunti ya miyezi 12 ya chiwongoladzanja chokwera. Ndinakana, chifukwa ukaithyola nthawi isanakwane chiwongoladzanjacho amachidula, ndipo ine ndinkadziwa kuti ndidzaifuna chaka chisanathe. Ndalama imene simungaitenge sabata yomweyo musaiwerengere.

Pofika tsiku lomaliza tinali ndi K3,300,000. Mwezi wa munthu wosagwira ntchito tinauika pa K500,000, osati K480,000, chifukwa ngakhale thiransipoti yopita kuntchito imachoka, sikimu ya chipatala imathera limodzi ndi ntchito, ndipo kufunafuna ntchito nakonso kumadya mabandulo ndi mafotokope. K3,300,000 kugawa ndi K500,000, miyezi 6 ndi theka, kuchoka pa iwiri ija.

Mwina mukufunsa za ndalama yotsanzikira ntchito, imene ambiri amati sevaransi. Lamulo la ntchito la m'Malawi limati munthu wochotsedwa chifukwa chochepetsa antchito alandire malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka 5 zoyambirira, masabata atatu pa chaka cha 6 mpaka cha 10, ndi masabata anayi kupitirira apo. Zaka zanga 7 zinapereka masabata 16. Koma sitinaiike m'kope, ndipo tinachita bwino, chifukwa inabwera lendi ya mwezi wachiwiri italipidwa kale. Komanso ngati kontirakiti yanu ili ndi tsiku lothera ndipo angoidikira kuti ithe yokha, nkhani ya sevaransi imasintha, ndiye tengani pepala lanu mukafunse ku ofesi ya leba mukadali pantchito. Penshoni nayonso musaidalire pa miyezi yoyamba. Wantchito amadulidwa 5 peresenti, bwana n'kuikapo 10, koma ntchito ikatha lamulo limafuna kuti papite miyezi muli pakhomo musanapemphe, ndipo sakupatsani yonse. Chimene mungachite lero ndi kupempha chikalata cha penshoni yanu kuti muone ngati abwana akhala akutumizadi ndalamazo. Mnzanga wina wa kampani ina anakapeza miyezi yambiri ili yopanda kanthu ntchito itatha kale, ndipo mabwana oti awafunse anali atatseka ofesi.